Mimba ya miyezi iwiri: ndiyambe sikelo kapena ndidikire?

Tamanda:
Amayi ndi achemwali a pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Ndadumpha kumwezi kawiri, ndayeza mkodzo ndi kachipangizo kaja, mizere yatuluka iwiri. Ndi mimba yanga yoyamba. Mnzanga wa kuntchito akuti ndisathamangire kusikelo chifukwa akandibweza, ati palibe choti azamba akagwire mimba isanatuluke. Koma ine mtima suli m'malo. Ndikusanza m'mawa uliwonse ndipo siketi zayamba kukhwepa m'malo mothina. Kodi tsiku loyambalo amachita chiyani kwenikweni? Za kutenga magazizo ndiye zikundiopsa, jakisoni ndimamuopa chiyambire ubwana.

Amake Dalitso:
Zabwino zonse mwana wanga. Ine ndabereka anayi, onse ndinkayamba sikelo mwana atayamba kugunda, cha m'mwezi wachisanu, ndipo onse ali moyo. Ukapita msanga umangochulukitsa maulendo. Za kusanzazo usadandaule, zimatha zokha mwezi wachitatu ukadutsa. Chimodzi chokha, tsikulo ukalawire ndipo udye kaye, chifukwa sikelo yoyamba imatenga nthawi kuposa zina zonse.

Bambo a Yami:
Sikelo amayamba mwana akakwana masabata 6, ndi pomwe amalandiranso katemera. Wathu tinapita naye choncho.

Amake Dalitso:
Bambo a Yami, imeneyo ndi sikelo ya ana. Apa tikunena ya amayi oyembekezera, mwanayo sanabadwe.

Bambo a Yami:
Pepani, ndinawerenga mothamanga. Ndikhala ndikumvetsera, chifukwa akunyumba nawonso ali ndi pakati.

Anaphiri azamba:
Tamanda, pita sabata ino. Mzamba wodziwa ntchito yake sangakubweze chifukwa choti mimba ndi yaing'ono. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2016 akuti mayi azionana ndi azaumoyo kosachepera ka 8, ndipo ulendo woyamba uzikhala mimba isanapitirire masabata 12. Kale tinkanena za maulendo anayi, nchifukwa chake ambiri anazolowera kuyamba mochedwa.

Amake Dalitso, pa za kulawira ndi kudya mwanena zoona. Koma pa za kudikira ndikutsutsani mwaulemu. Mnzake wa Tamanda akuti palibe choti tigwire, ndipo ndi zoonadi, chiberekero chimayamba kumveka pamwamba pa fupa la pachinena pa masabata 12, n'kufika pa mchombo cha pa masabata 20. Kungoti tsiku loyamba sitidalira manja kwenikweni. Timadalira mafunso, sikelo, makina oyezera kuthamanga kwa magazi, magazi ndi mkodzo. Zinthu zomwe timasaka tsikulo ndi zoti mayi sangazimve m'thupi mwake, akuyenda bwinobwino koma zikuwononga mwana mwakachetechete.

Tamanda, tandiuza, tsiku lomwe unayamba kusamba komaliza ndi liti? Tsiku loyamba kuona magazi, osati lomwe unamaliza.

Tamanda:
Pa 3 Malichi amayi. Ndimalemba mufoni. Lero ndi pa 10 Meyi.

Anaphiri azamba:
Wachita bwino kulemba, chifukwa funso loyamba lomwe akakufunse ndi limeneli, ndipo ambiri amangoti "kumayambiriro kwa mwezi". Tiye tiwerengere limodzi. Pa 3 Malichi uwonjezepo masiku 7, zikhala pa 10 Malichi. Kenako uwonjezepo miyezi 9, zikhala pa 10 Disembala. Limenelo ndiye tsiku loyembekezera kuchira. Lero mimba yako ili ndi masabata 9 ndi masiku 5. Timawerenga kuchokera pa msambo womaliza ngakhale kuti mimbayo imakhala italowa patapita pafupifupi masabata awiri, ndipo masabata onse amakwana 40.

Kawerengedwe kameneka kamayenda bwino kwa munthu amene amasamba pafupifupi masiku 28 alionse. Ngati msambo wako umadumphadumpha, kapena unali utangosiya kumene jakisoni wolera, uwauze, chifukwa pamenepo tsiku lenileni lingadziwike ndi sikani. Sikani yojambulidwa mimba ili yaing'ono ndi imene imalondola masabata. Ya kumapeto imatha kuphonya ndi masabata awiri kapena atatu.

Mafunso ena akhala a matenda amene unadwalapo, monga shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu, mphumu, chifuwa chachikulu, opareshoni iliyonse, mankhwala amene ukumwa ngakhale ogula wekha, ndi ngati kubanja kwanu kuli mapasa. Akafunsanso ngati unatengapo mimba ina. Apa ndikupempha aliyense amene akuwerenga, musabise. Mimba imene inapita padera kapena inachotsedwa ndi mimba ndithu kwa ife, ndipo imasintha momwe tikusamalirireni. Ngati simukufuna kuti amene mwabwera naye amve, pemphani kuti mulankhule ndi mzamba panokha.

Nangozo:
Ine ndilankhulepo pa nkhani ya magazi, chifukwa zinandionekera. Mimba yanga yachiwiri ndinayamba sikelo ili ndi miyezi 6. Tsiku lomwe ndinapita anandiyeza HIV yokha, zoyezera chindoko anati zatha, ndibwerenso. Sindinabwererenso kukafunsa, ndinkaona ngati n'zosafunika poti ndinalibe chilonda, ndinalibe chilichonse. Mwezi wachisanu ndi chitatu mwana anangosiya kugunda. Anabadwa atafa kale. Atandiyeza pambuyo pake anandipeza ndi chindoko. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'choti mankhwala ake ndi jakisoni wa penisilini, osati chinthu chovuta. Anandibaya, amuna anganso anawabaya, ndipo amene ndinabereka pambuyo pake ali mu sukulu pano.

Tamanda, iwe ukuti umaopa jakisoni. Kubaya kwa pachala ndi kwa kamphindi, umangomva ngati waponda kaminga. Ndipo ukatuluka usangoti "andiyeza magazi". Funsa kuti mwandiyeza chiyani ndi chiyani, zotsatira zake ndi zotani, chatsala n'chiyani. Ine ndikanafunsa funso lachitatulo.

Tamanda:
Pepani kwambiri achemwali. Ndawerenga misozi ili m'maso. Mafunso atatuwo ndawalemba.

Anaphiri azamba:
Zikomo Nangozo polimba mtima. Chindoko chimayamba ndi kachilonda kosapweteka, nthawi zambiri kobisika mkati, kamene kamapola kokha, koma tizilombo timatsala m'magazi kwa zaka. Timadutsa pa nsengwa n'kulowa mwa mwana. Tikachipeza msanga timabaya penisilini m'matako, kamodzi ngati matenda ndi atsopano, kapena katatu, sabata iliyonse kamodzi, ngati sizikudziwika kuti analowa liti. Bambo akapanda kubayidwa, mayi amatenganso. Nangozo, dziwaninso kuti kachipangizo koyezera chindoko pachala kamatha kuonetsabe kuti muli nacho moyo wanu wonse ngakhale munachira, choncho mukadzaimanso mudzawauze kuti munalandirapo mankhwala ndi chaka chake.

HIV nayo ndi chimodzimodzi pa nkhani ya nthawi. Mayi akapezeka ndi kachilomboka amayamba ma ARV nthawi yomweyo, ndipo akamwa mokhulupirika mpaka tizilombo titachepetsetsa m'magazi, mwayi wopatsira mwana umatsika kwambiri. Kuti tizilombo tichepe choncho pamafunika miyezi, ndiye woyamba pa masabata 10 ndi woyamba pa masabata 34 sali pamodzi. Amene sanapezeke nako amayezedwanso chakumapeto kwa mimba, chifukwa munthu amene wangotenga kumene kachipangizo kamatha kumuphonya. Kumene zipangizo zilipo timayezanso matenda a chiwindi a hepataitisi B.

Amake Dalitso:
Ndamva, ndipo nkhani ya Nangozo yandikhudza. Koma ine chimene chimandidabwitsa n'choti amati mayi woyembekezera magazi amamuchepera, kenako iwo omwe n'kumamupopanso magazi m'botolo. Si kumuonjezera vuto kumeneko? Ine ankangonditsegula chikope ndi kuona zikhatho, n'kunena kuti magazi alipo.

Anaphiri azamba:
Kabotolo kaja kamalowa magazi osapitirira supuni yaing'ono imodzi, pamene m'thupi muli malita anayi kapena asanu. Sikangachepetse kanthu. Kuona chikope ndi zikhatho timachitadi, koma maso amagwira kuchepa kwa magazi kukafika kale poipa. Kwa pakatikati kumatidutsa. Nchifukwa chake timafuna nambala.

Tamanda:
Ndabwerako! Ndinapita lero pa 12 Meyi ndipo sanandibweze. Ndikuuzeni momwe zinayendera. Atandilemba m'kaundula anandikweza pa sikelo nditavula nsapato, n'kundiimika pakhoma kuyeza msinkhu, n'kundizunguliza katepi pamkono. Kenako anandimanga chija chofufuma pamkono. Anandipatsa kabotolo ka mkodzo, ndipo nditabweretsa anaviikamo kapepala kokhala ndi timabokosi ta mitundumitundu. Chala anandibaya kawiri, ndinatseka maso koma zinali zochepadi. Pomaliza ndinagona pabedi, mzamba anandiona m'maso, m'kamwa, mabere ndi miyendo, n'kugwira pamimba. Anandibaya katemera wa kafumbata paphewa, ndipo ameneyu ndiye akuwawa mpaka pano.

M'kabuku alemba izi: Wt 56 kg, Ht 158 cm, BP 108/68, Hb 10.2, EDD 8/12. HIV ndi chindoko sanandipeze nazo, mkodzo ati uli bwino. Anandipatsa mapilitsi ofiira ndi neti, ati ndibwerenso pa 9 Juni.

Zondidetsa nkhawa ndi zitatu. Mimba isanalowe ndinkalemera 58, ndiye ndatsika. Anaphiri munati pa 10 Disembala koma iwo alemba pa 8. Ndipo mtima wa mwana sanandimvetsere, kodi zili bwino?

Anaphiri azamba:
Wachita zamphamvu mwana wanga. Ndiyambe ndi ziwiri zosavuta. Pa 8 ndi pa 10 palibe amene walakwa. Iwo agwiritsa kagudumu kowerengera masiku 280 enieni, ine ndinawerenga ndi miyezi, ndipo miyezi ina ili ndi masiku 31. Ana obadwa pa tsiku lenileni lolembedwalo ndi ochepa, ambiri amabwera pakati pa masabata 37 ndi 42. Za mtima, pa masabata 10 n'kovuta kuumva. Kamakina ka magetsi kamayamba kuugwira cha pa masabata 12, ndipo chomvetsera chija chonga lipenga chimafuna mimba ya masabata 20 kapena kuposa.

Tsopano sikelo. Nambala ya tsiku loyamba ndi poyambira, ntchito yake ndi yoti tidzafanizire nayo za m'tsogolo. Kulemera 58 pa msinkhu wa masentimita 158 ndiye kuti thupi lako linali la pakatikati, ndipo munthu wotere timayembekeza kuti mimba yonse aonjezere makilogalamu 11 ndi theka mpaka 16. Ambiri mwa amenewa amabwera miyezi itatu yoyamba itadutsa, pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata kapena kucheperako pang'ono. Miyezi yoyambayi ena amangoonjezera kilogalamu imodzi, ena amatsika chifukwa cha kusanza, ngati iweyo. Malire amene timayang'ana ndi kutaya magawo 5 pa 100 alionse a kulemera kwako. Kwa iwe ameneyo ndi pafupifupi makilogalamu atatu, ndiye ukafika pa 55 usadikire pa 9 Juni. Usadikirenso ngati ngakhale madzi sakukhazikika m'mimba tsiku lonse, mkodzo wachepa n'kuda, kapena ukuchita chizungulire ukaimirira. Pamenepo pamafunika diripu ndi mankhwala oletsa kusanza.

BP 108/68 ili bwino, ndipo uisunge m'mutu. Malire ndi 140/90. Tikadzaona yakwera pambuyo pa masabata 20 tidzadziwa kuti yabwera ndi mimba, chifukwa tikudziwa pomwe inayambira. Mayi amene wafika koyamba pa miyezi 7 ndi 145/95 amatisiya m'malere, sitidziwa ngati ndi matenda ake akale kapena ndi vuto lija la mimba limene limafika pokomola mayi.

Imene ikufuna ntchito ndi Hb 10.2. Imeneyo ndi himogulobini, chinthu chofiira chonyamula mpweya m'magazi. Kwa woyembekezera tikufuna 11 kupita m'mwamba. Kuyambira 10 mpaka 10.9 ndi kuchepa pang'ono, 7 mpaka 9.9 ndi kwa pakatikati, kutsika pa 7 ndi koopsa. Iwe uli pa kuchepa pang'ono, koma usakupeputse, chifukwa pakati pa mimba madzi a m'magazi amachuluka kuposa maselo ofiira ndipo nambalayi imatsika mwa aliyense. Woyamba ndi 13 ali ndi potsikira. Woyamba ndi 10.2 akapanda kumwa mankhwala atha kudzafika pochira ali pa 8, ndipo magazi amene mnzake angataye osamva kanthu iye angamugwetse. Ubwino wake uli ndi miyezi 7 yokonzera. Mapilitsiwo anati uzimwa angati?

Tamanda:
Anati limodzi patsiku. Koma ndamwa masana ano n'kusanza pasanathe theka la ola.

Amake Dalitso:
Mapilitsi amenewo ine ndinkawataya. Amanunkha dzimbiri, chimbudzi chimada bii, ndiponso amati amakulitsa mwana n'kudzavutika pochira.

Nangozo:
Za kukulitsa mwanazo ine sindikhulupirira amayi. Ndinamwa mimba yonse yachitatu, mwana anabadwa ndi makilogalamu 3.1, ndinachira bwinobwino. Koma za fungo ndi zoona. Ine ndinkamwa usiku pogona nditadya, ndiye nseru inkandipeza ndili m'tulo.

Anaphiri azamba:
Njira ya Nangozo ndi imene ndimalangizanso. Umwe ndi madzi, osati tiyi kapena khofi, chifukwa zimenezi zimatchinga ayironi kulowa m'thupi. Chimbudzi chakuda ndi ayironi wotsala amene akutuluka, si matenda. Ndipo Amake Dalitso, mapilitsiwa sakulitsa mwana kupitirira muyeso, amangothandiza kuti asabadwe wonyentchera.

M'pilitsimo muli zinthu ziwiri, ayironi ndi foliki asidi. Mlingo wongoteteza ndi mamiligalamu 30 mpaka 60 a ayironi patsiku, koma kwa amene wapezeka kale ndi magazi ochepa malangizo a WHO amati 120 mpaka Hb itafika pa 11. Mwina mzamba wako wayamba ndi limodzi poona kusanzako, ndipo inenso nthawi zina ndimatero. Usaonjezere wekha. Ukamufunse kuti, popeza Hb yanga ndi 10.2, ndidzayamba liti mlingo wochiza, ndipo mudzandiyezanso liti? Ufunsenso chimene chachepetsa magaziwo, chifukwa malungo ndi njoka za m'mimba nazo zimatero, ndipo pamenepo ayironi yekha sakwanira. Ngati pilitsilo likukanirirabe ngakhale usiku, ubwerere ukawauze, akhoza kukupatsa foliki asidi payekha kwa masabata angapo.

Lonjezo:
Tamanda, pa zomwe walembazo sindikuona gulu la magazi. Tayang'ananso m'kabukumo. Ine ndine O negetivi ndipo ndinadziwa mochedwa. Mwana woyamba anabadwa bwino, wachiwiri anachita chikasu tsiku lomwelo lobadwa, anakhala pa magetsi aja masiku ambiri mpaka anamuika magazi.

Amake Dalitso:
Koma negetivi si ndiye zabwino? Ndiye kuti mulibe matenda.

Lonjezo:
Ayi amayi, imeneyi si ya matenda. Ndi mtundu wa magazi umene munthu amabadwa nawo, amalemba Rh. Mayi akakhala negetivi mwana n'kutengera bambo wake kukhala pozitivi, magazi a mwana akalowa mwa mayi pochira thupi la mayi limapanga asilikali olimbana nawo. Woyambayo amakhala watuluka kale, amene amavutika ndi wotsatira. Pali jakisoni, pabokosi pake amalemba anti-D, woti abaye pasanathe maola 72 mwana atabadwa. Ine sanandibaye chifukwa palibe amene ankadziwa.

Anaphiri azamba:
Lonjezo wafotokoza bwino. Ndingoonjeza kuti jakisoniyo amafunikanso mimba ikapita padera kapena mayi akataya magazi ali ndi pakati, ndipo kumene amapezeka mokwanira amabayanso pa masabata 28. Si chipatala chilichonse chimene chimayeza gulu la magazi kapena kusunga jakisoniyu, choncho funso lake ndi lakuti, ngati pano simuyeza ndingakayezetse kuti?

Tamanda:
Ndayang'ana, mpata wa gulu la magazi ndi wosalembamo. Ndinafunsa mafunso a achemwali a Nangozo aja, koma mzamba anangotchula sikani kuti ndiyo yatsala, ati makina ali ku chipatala chachikulu. Anthu anali ambiri panja ndiye ndinachita manyazi kupitiriza.

Bambo a Yami:
Ine funso langa ndi la abambo. Akunyumba akuti ndiwaperekeze. Kodi n'zokakamiza? Kuntchito savomera wamba.

Nangozo:
Pitani bambo. Amuna anga akanayezedwa nane limodzi nthawi ija, mwina tikanakumbutsana za chindoko chija.

Lonjezo:
Ine ndikuona mosiyana pang'ono. Kupita limodzi n'kwabwino, koma ndikudziwa amayi amene anachedwa miyezi iwiri kuyamba sikelo podikira kuti bambo apeze mpata. Ndiponso alipo ena amene sangayankhe momasuka mafunso a mimba zakale bambo ali pompo. Mayi apite ndithu, bambo adzatsatire.

Anaphiri azamba:
Nonse muli ndi mfundo, ndipo ngakhale azamba timasiyana maganizo pa nkhaniyi. Kwa ine chachikulu n'choti mayi asachedwe, ndipo bambo ayezedwe HIV ndi chindoko mimba isanakule, kaya tsiku lomwelo kaya lina.

Tamanda, manyaziwo ndawamva, ndipo mzere ukatalika ifenso timathamanga. Ulembe mafunso papepala n'kulipana m'kabuku, kuti mzamba akangotsegula alione. Pa 9 Juni udzakhala ndi masabata 14. Akakubayanso kafumbata wachiwiri, chifukwa amatalikirana masabata anayi. Poti anakupatsa neti ndiye kuti kwanuko kuli malungo, choncho ayenera kukuyambitsa Fansida, amene saperekedwa mimba isanakwane masabata 13. Sikani uyesetse ichitike masabata 24 asanakwane, ndipo uwapemphe kalata yokutumiza, kuti ukakhala kumeneko ukayezetsenso gulu la magazi ulendo umodzi. Ufunsenso kuti zikavuta usiku uthamangire kuti. Pa msinkhu wa mimba yakoyi zothamangira ndi kutaya magazi, kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba makamaka mbali imodzi, kutentha thupi, ndi kusanza kuja ndanena.

Amake Dalitso:
Mwana wanga wamkazi ali ndi miyezi itatu, ndinamuuza kuti adikire mwana agunde. Ndamuimbira kuti apite mawa. Koma za maulendo 8 ine ndikuonabe kuti achuluka kwa munthu amene ali bwino, makamaka wokhala kutali ndi chipatala.

Tamanda:
Usiku wathawu ndinamwa pilitsi pogona ndipo silinabwerere. Papepala ndalemba zinayi: mlingo wa ayironi, tsiku loyezanso Hb, kalata ya sikani, ndi gulu la magazi. Anaphiri, phewa la katemera lija latupa pang'ono ndipo likutentha, ndiikepo chiyani?

Anaphiri azamba:
Kansalu konyowa ndi madzi ozizira basi, osatikita. Limaphwa pakatha masiku awiri kapena atatu. Kufiirako kukamakula m'malo mochepa, kapena pakatuluka mafinya, ukawaonetse.